Zimene foni imanena ikafika pa tizithunzi tanu

Munthu wosaona akatsegula tsamba lanu la pa Facebook kapena pa Instagram, mitima yofiira imene munaindandalika pambali pa dzina lanu ija saiona. Amaimva. Foni yake ili ndi pulogalamu imene imasandutsa chilichonse cha pasikirini kukhala mawu a pakamwa, ndipo pulogalamuyo sidziwa kusiyanitsa chokongoletsa ndi chofunika. Ikapeza mtima, imatchula dzina la mtimawo. Ikapeza moto, duwa ndi chisoti chachifumu, imazitchula zonse motsatizana, kenako n'kufika pa dzina lanu. Ikafika pa hashitagi imene mawu ake munawaphatikiza onse m'zilembo zing'onozing'ono, imayesa kuitchula ngati liwu limodzi lalitali, ndipo chimene chimatuluka pamenepo si Chichewa, si Chingerezi.

Mapulogalamu amenewa ali m'manja mwathu kale, ngakhale ambiri sitinawatsegulepo. M'mafoni a Android muli TalkBack. M'mafoni a iPhone muli VoiceOver, imene inayamba kuikidwamo mu 2009. Pa kompyuta anthu osaona amadalira kwambiri JAWS, imene ndi yogula, kapena NVDA, yaulere, imene inayambitsidwa mu 2006 ndi Michael Curran wa ku Australia, yemwe pambuyo pake anagwirizana ndi mnzake James Teh. Onse awiriwa ndi osaona. Munthu wozolowera mapulogalamuwa amayendetsa chala pasikirini kupita kumanja kuti amve chinthu chotsatira, ndipo liwu amaliika pa liwiro limene munthu wachilendo sangatolepo kanthu. Amasankha msanga. Chinthu chikayamba ndi phokoso, amachidumpha n'kupita kwina.

Anthu otere kwathu kuno si ochepa. Kalembera wa anthu wa ku Malawi wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 1.5 miliyoni a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo pafupifupi theka la iwo vuto lawo ndi la kuona. Si onse amene amagwiritsa ntchito foni yowerenga mokweza, n'zoona. Koma mwa iwo muli aphunzitsi, ophunzira a m'makoleji, ogwira ntchito m'boma, ndiponso anthu amene maso awo anafooka ndi ukalamba kapena matenda a shuga. Amagula zovala, amafuna telala, amatsatira mpira.

Kachithunzi kalikonse kali ndi dzina

Emoji anayambira ku Japan. Gulu lotchuka la oyambirira ndi la tizithunzi 176 timene Shigetaka Kurita anajambulira kampani ya mafoni ya NTT DoCoMo mu 1999. Mu 2010 bungwe la Unicode Consortium, limene limasunga kaundula wa zilembo zonse zimene makompyuta amazindikira, linalowetsa emoji m'kaundula wake, ndipo apa m'pamene pali chiyambi cha nkhani yathu. Kwa foni, emoji si chithunzi ngati chimene mumajambula ndi kamera. Ndi chilembo, mofanana ndi a kapena b, chokhala ndi nambala yake ndi dzina lake. Diso likaona nkhope yoseka mpaka misozi, pulogalamu yowerenga imapita m'kaundula n'kutenga dzina lolembedwa pa chilembocho, `face with tears of joy`, n'kulitchula.

Mainawa foni imawatchula m'chinenero cha liwu limene inaikidwa, ndipo kwa ambiri a ife ndi Chingerezi. Ena ndi aafupi: 🔥 ndi `fire`, ✨ ndi `sparkles`. Ena ndi aatali modabwitsa. Kachala kolozera pansi kaja, 👇, dzina lake ndi `backhand index pointing down`. Mu 2015 anawonjezera mitundu 5 ya khungu, ndipo ambiri tinakondwera kusankha dzanja lofanana ndi lathu. Zimenezo zilibe cholakwika. Chofunika kudziwa n'chakuti mtundu wa khunguwo nawonso umatchulidwa, moti kachala kamodzi kaja kakakhala koderako kamasanduka mawu 8. Makampani amasinthako pang'ono katchulidwe ka mainawa, Apple mwa njira yake, Google mwa njira yake, ndipo mapulogalamu ena akapeza tizithunzi tofanana totsatizana amangotchula chiwerengero chake. Koma wolemba sadziwa kuti amene adzamuwerenge ali ndi foni yanji, choncho ndi bwino kulemba poganizira uja amene foni yake itchule kalikonse pakokha.

Dzina la m'kaundula silitsatira tanthauzo limene ife tinapatsa kachithunziko. Manja ophatikiza aja, 🙏, kwa ife ndi pemphero kapena zikomo, koma dzina lake ndi `folded hands` basi. Kachizindikiro kamene anthu amaika posonyeza malo, 📍, foni imakatchula `round pushpin`, kutanthauza kaphini kobayira pepala pabolodi. Anthu osaona amene akhalitsa pa intaneti anaphunzira matanthauzo amenewa, ndipo nawonso amatumizirana emoji mokondwera ngati wina aliyense. Palibe amene akupempha kuti tizithunzi tithe. Vuto limabwera kachithunzi kakaikidwa m'malo mwa liwu, kapena tikachuluka mpaka kukwirira mawu.

Bayo ya telala

Tiyeni titenge chitsanzo chongopeka, koma chofanana ndi zimene timaziona tsiku ndi tsiku. Mayi wina ndi telala, watsegula tsamba la bizinesi yake pa Instagram. Mzere woyamba ndi dzina la tsambalo, yotsatirayo ndi bayo, kandime kodzifotokozera kaja.

```
✨👗✂️ Telala wa ku Ndirande ✂️👗✨
🙏🏾🙏🏾🙏🏾 Mulungu patsogolo
📍 Blantyre 🇲🇼
👗👔🧵 🔥🔥🔥
📞👇🏾👇🏾
#zovalazaana #telalawapamsika
```

Kwa diso, tsambali likukopa, ndipo mayiyu anachita kukhalira pansi polikonza. Tsopano mverani zimene khutu limalandira, tisanafike n'komwe pa mahashitagi.

```
sparkles dress scissors Telala wa ku Ndirande
scissors dress sparkles
folded hands medium-dark skin tone
folded hands medium-dark skin tone
folded hands medium-dark skin tone
Mulungu patsogolo
round pushpin Blantyre flag Malawi
dress necktie thread fire fire fire
telephone receiver
backhand index pointing down medium-dark skin tone
backhand index pointing down medium-dark skin tone
```

Tizithunzi tonse tilipo 20. Tikawerenga mawu amene foni yatchula chifukwa cha tizithunziti, akukwana 52. Mawu amene telalayu analemba ndi dzanja lake alipo 7 okha. Ndipo m'mawu 7 amenewo mulibe pamene wanena kuti amasoka chiyani. Zimenezo anazisiyira diresi, tayi ndi ulusi kuti zimunenere, ndiye womvera amangomva maina a zinthu zitatu ndi moto katatu. Kodi amasoka mayunifolomu a sukulu? Amachepetsa zovala za pakaunjika? Palibe chonena. Tizala tiwiri tija tikulozera pansi, koma sitinena chimene chili pansipo. Mawu ambiri apita, kasitomala sanamve chimene anabwerera.

Pali chifukwa chomveka chimene anthu amachitira zimenezi. Malo a bayo ndi ochepa: Instagram imalola zilembo 150, X imalola 160. Chichewa chili ndi mawu aatali, ndiye munthu amaona ngati kachithunzi kamodzi kapulumutsa malo a mawu atatu. Koma taonani zimene zingakwane m'malo omwewo.

```
Telala wa ku Ndirande
Ndimasoka madiresi, mayunifolomu ndi zovala za ana.
Blantyre. Imbani nambala ili m'munsiyi.
Mulungu patsogolo 🙏🏾
#ZovalaZaAna #TelalaWaPamsika
```

Bayo imeneyi sikupitirira zilembo 150. Kachithunzi katsala kamodzi, kali kumapeto kwa chiganizo, ndipo ngakhale mutakachotsa uthenga sungasinthe. Muyeso wake ndi umenewu: bisani tizithunzi tonse ndi chala, muwerenge zotsalazo. Ngati zikumveka, tizithunzi tanu tinali tokometsera. Ngati zatsala zopanda mutu, ndiye kuti munabisa uthenga m'malo amene ena sangafikemo. Phindu lina n'lakuti munthu wofufuza telala amalemba mawu m'bokosi lofufuzira, salemba kachithunzi ka lumo.

Malo oipitsitsa oikapo tizithunzi ndi pa dzina. Bayo munthu amaimva kamodzi, pamene watsegula tsamba lanu. Pa mapulogalamu ena, dzina amalimva nthawi iliyonse mukalemba kanthu, mukayankha, kapena foni ikamudziwitsa kuti mwakonda chithunzi chake. Pa mapulogalamu otero, telala wathu uja akayankha makasitomala ka 10 pansi pa chithunzi chimodzi, womvera amva lumo, diresi ndi nyenyezi ka 20 chilichonse. Zili ngati wolengeza pa perekaniperekani amene nthawi iliyonse munthu akaponya ndalama, amayamba watchula mtundu wa nsapato zake, chipewa chake ndi mpango wake asananene dzina. Ulendo woyamba anthu aseka. Ulendo wachisanu ayamba kutuluka. Ngati mukufuna kachithunzi pa dzina, kakhale kamodzi, ndipo kabwere pambuyo pa dzinalo kuti womvera adziwe kaye kuti akulankhula ndani.

Zina ziwiri zimayenda limodzi ndi tizithunzi m'mabayo. Choyamba ndi nambala ya foni yolembedwa ndi timabokosi tabuluu, 0️⃣9️⃣ ndi anzake. Kabokosi kalikonse kamatchulidwa ndi liwu loti `keycap` limodzi ndi nambala yake, ndiye nambala ya manambala 10 imasanduka mawu 20, ndipo ngakhale woona sangathe kuidina kuti aimbe. Chachiwiri ndi zilembo zopotokola kapena zonenepa zija zimene anthu amakopera ku mapulogalamu okongoletsa maina. Zimenezo si zilembo wamba zovala malaya atsopano ayi. Zambiri ndi zizindikiro za masamu zimene Unicode inaika kuti akatswiri azilembera mafomula. Mapulogalamu ena amatchula dzina la masamu la chilembo chilichonse, ena amangodumpha osanena kanthu, moti dzina lanu lonse limasowa.

Palinso chizolowezi chowomba m'manja pakati pa mawu potsindika: Bwezani 👏 ndalama 👏 zanga 👏. Khutu limamva `clapping hands` pakati pa liwu lililonse, ndipo ukali wonse wa chiganizocho umathera pomwepo. Mu Okutobala 2021 pa Twitter panabuka nthabwala yondandalika timbendera tofiira, 🚩, tambirimbiri posonyeza khalidwe lochenjeza mwa munthu, ndipo anthu osaona anadandaula poyera, chifukwa mafoni awo ankabwereza dzina la kambenderako mpaka kutopetsa.

Pamene liwu lathera

Nkhani ya hashitagi ndi yosiyana pang'ono. Emoji amachulutsa mawu, pamene hashitagi imachotsa chinthu chimene kuwerenga konse kumadalira, chomwe ndi mpata wa pakati pa mawu.

Ganizo la hashitagi linabwera ndi Chris Messina, amene pa 23 Ogasiti 2007 analemba pa Twitter kufunsa anzake ngati angamagwiritse ntchito chizindikiro cha # posonkhanitsa nkhani za mutu umodzi. Chitsanzo chake chinali `#barcamp`. Mu Okutobala chaka chomwecho, moto wolusa utabuka ku California, anthu anatsatira nkhani yake kudzera pa `#sandiegofire`, ndipo chizolowezicho chinafala. Twitter inayamba kusandutsa mahashitagi kukhala odinika mu 2009, Instagram inatsatira mu 2011, Facebook mu 2013. Lamulo lake ndi limodzi konsekonse: hashitagi imayambira pa # n'kuthera pamene papezeka mpata kapena chizindikiro cha m'kalembedwe. Ndiye kuti mawu atatu akhale hashitagi imodzi, ayenera kumatana.

Ngakhale diso limapunthwa pa mawu omatana. Margaret Thatcher, nduna yaikulu yakale ya dziko la Britain, atamwalira pa 8 Epulo 2013, panafala hashitagi ya `#nowthatchersdead`. Olemba ankatanthauza kuti tsopano Thatcher wamwalira. Koma zilembo zomwezo zimadukanso mwa njira ina n'kunena kuti Cher, woimba wa ku America, wamwalira, ndipo ena mwa omukonda anayamba kufunsa ngati n'zoona, mwiniwake ali moyo. `#NowThatchersDead` sikadasokoneza aliyense.

Chichewa nachonso chili ndi misampha yotereyi. Gulu lachitukuko litalemba `#mudziwabwino`, mungawerenge bwanji? Pali `#MudziWabwino`, mudzi wokoma kukhalamo. Palinso `#MudziwaBwino`, mawu amene kholo lokwiya limauza mwana wosamva. Zilembo ndi zomwezo, 12, m'dongosolo lomwelo. Chasintha ndi malo a chilembo chachikulu chimodzi.

Munthu woona akapunthwa, amabwerera m'mbuyo n'kuyesa kudula mwa njira ina, chifukwa amadziwa chinenerocho. Makina otulutsa mawu sagwira ntchito choncho. Akapatsidwa mndandanda wa zilembo wopanda mpata, amautenga ngati liwu limodzi. Akalipeza m'dikishonale yawo amalitchula bwino, akapanda kulipeza amangolota katchulidwe kake potsatira malamulo a chinenero cha liwulo. Nthawi zina hashitagi ya Chingerezi ya mawu awiri odziwika imatuluka bwino mwamwayi. Ya Chichewa mwayi umenewo ilibe, chifukwa liwu la Chingerezi silidziwa kuti zovala ndi liwu, za ndi liwu, ana ndi liwu. `#zovalazaana` kwa ilo ndi chinthu chimodzi chachilendo, ndipo ma a awiri a pakatiwo lingawameze kukhala mmodzi, ana aja n'kusoweratu.

Apa m'pamene chilembo chachikulu chimagwira ntchito. Olemba mapulogalamu a makompyuta akhala akumatanitsa mawu kuyambira kale, n'kumayamba liwu lililonse ndi chilembo chachikulu, kalembedwe kamene amakatcha `CamelCase`. Popeza anthu osaona nawonso amalemba mapulogalamu ndi kuwerenga maina ngati YouTube ndi WhatsApp, opanga mapulogalamu owerenga anaikamo lamulo losavuta: chilembo chaching'ono chikatsatiridwa ndi chachikulu, ikani mpata pakati pake musanatchule. NVDA ili ndi lamuloli m'dikishonale imene imabwera nayo, ndipo JAWS ili ndi malo osinthira otchedwa `Mixed case processing`. Ndiye `#ZovalaZaAna` isanafike ku makina otulutsa mawu imakhala itasanduka kale Zovala Za Ana. Makinawo sanaphunzire Chichewa. Angouzidwa pamene liwu lathera, ndipo amene wawauza ndi inu wolemba. Palibenso wina amene akadawauza.

Mukamvetsa lamulolo, mudziwa nokha chifukwa chake kulemba zonse m'zilembo zazikulu sikuthandiza. Mu `#ZOVALAZAANA` mulibe pamene chaching'ono chakumana ndi chachikulu, choncho mulibe podula. Ndi chimodzimodzi ndi zing'onozing'ono zokhazokha, mwinanso kuipirapo, pakuti makina ena akaona zilembo zazikulu zokhazokha m'liwu lalifupi amaganiza kuti ndi chidule cha dzina n'kuyamba kutchula chilembo chimodzichimodzi. Kuyamba ndi chachikulu chimodzi chokha, `#Zovalazaana`, nakonso sikusintha kanthu. Zidule zenizeni zokha ndi zimene ziyenera kukhala m'zilembo zazikulu, monga mu `#ZotsatiraZaMSCE`.

Funso limene amalonda amafunsa ndi lakuti kodi ndikasintha zilembo, sinditaya anthu amene amafufuza hashitagi yakale ija? Ayi. Pa Facebook, Instagram, X ndi TikTok, kufufuza sikusiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. `#CycloneFreddy` ndi `#cyclonefreddy` zimakufikitsani pa mulu umodzi wa nkhani. Mu Malichi 2023, namondweyo atakantha chigawo cha kummwera kwa Malawi, pansi pa hashitagi imeneyi pankadutsa nkhani za misewu yoduka ndi za thandizo, ndipo pa nthawi ngati imeneyo kumveka kwa hashitagi si nkhani ya kukongola. Mahashitagi amene anagwedeza maiko, monga `#BringBackOurGirls` ya ku Nigeria mu 2014 ndi `#FeesMustFall` ya ku South Africa mu 2015, anthu amawakumbukira m'kalembedwe ka zilembo zazikulu koyambirira kwa liwu lililonse, ndipo sanataye nako kanthu.

Chimene chimabweza anthu m'mbuyo kawirikawiri ndi foni yomwe. Mukayamba kulemba hashitagi, pulogalamu imakuonetsani mndandanda wa zimene ena analemba kale, nthawi zambiri m'zilembo zing'onozing'ono. Mukadina imodzi kuti mufulumire, imalowa m'malo mwa zimene munalemba, zilembo zanu zazikulu n'kupita. Mankhwala ake ndi kuilemba yonse ndi dzanja mpaka kumapeto, n'kuika mpata, osadina za m'mndandandazo.

Zovuta za Chichewa chenicheni

Malangizo ambiri a nkhaniyi analembedwa poganizira Chingerezi, ndipo pali zinthu zimene satchula chifukwa kwawoko sizivuta kwenikweni. Chachikulu ndi nkhodolero, kachizindikiro kam'mwamba kaja ka mu ng'ombe, m'mudzi ndi n'zoona. Kwa makina, nkhodolero ndi chizindikiro cha m'kalembedwe, ndipo hashitagi imathera pomwepo. Mukalemba `#Ng'ombeZathu`, gawo lodinika likhala `#Ng` lokha. `#M'mudziMwathu` isanduka `#M`, ndipo `#Pang'onoPang'ono` ikhala `#Pang`. Mungazindikire vutoli ndi maso: mukatumiza, gawo loyamba lokha ndi limene limasintha mtundu, lotsalalo limakhala lakuda ngati mawu wamba. Wodina amakapezeka pakati pa nkhani za anthu a kutali zosakhudzana n'komwe ndi ng'ombe.

Njira zilipo ziwiri. Mutha kuchotsa nkhodolero n'kulemba `#NgombeZathu`, ndipo Mchewa aliyense adziwa chimene mukunena, ngakhale aphunzitsi a Chichewa atakwinya nkhope. Kapena mutha kusankha mawu opanda nkhodolero, `#ZiwetoZathu` kapena `#MudziWathu`. Ine ndimaona kuti yachiwiriyi ndiyo yabwino pamene ikutheka, chifukwa hashitagi ya sukulu kapena ya bungwe imakasindikizidwa pa malaya ndi pa zikwangwani, ndipo ana amatengera kalembedwe kamene akuona.

Kenako pali timawu tating'ono tolumikiza: wa, za, ya, cha, ndi. Nato tiyambe ndi chilembo chachikulu, apo ayi timamatirira ku liwu la m'mbuyo. Mu `#ZovalazaAna` makina amva Zovalaza. Kovuta kwambiri ndi a woima yekha, monga mu `#AnaAMalawi`. Zilembo zazikulu ziwiri zagundana, diso limadodoma, ndipo liwu la Chingerezi lingatchule A ameneyo ngati dzina la chilembo, eyi. Ngati pali njira ina yonenera zomwezo, itengeni. Pa mawu ngati pamsika kapena kumudzi, tsatirani mmene mumalembera m'chiganizo wamba: ngati mumalemba liwu limodzi, chilembo chachikulu chikhale chimodzi.

Tisanamizane, zilembo zazikulu sizichiritsa zonse. Liwu la Chingerezi lipitiriza kupotoza mphunzitsi, nkhwani ndi ntchentche, kaya muli hashitagi kaya mulibe. Anthu osaona amene amawerenga Chichewa ndi mawu oterewa anazolowera kapotozedwe kake, monga mmene timazolowerera mlendo amene akuphunzira chinenero chathu, ndipo amatha kutolapo tanthauzo malinga ngati mawu akubwera limodzilimodzi. Chimene chimawagonjetsa ndi mawu anayi opotoka atamatana. Pamenepo munthu amayenera kuima, kusintha pulogalamu kuti iziwerenga chilembo chimodzichimodzi, n'kumanga yekha mawuwo m'mutu. Ochepa ndi amene angachitire zimenezi hashitagi ya telala. Ndipo hashitagi ya mawu 7 ndi yolemetsa ngakhale italembedwa bwino chotani. Mawu awiri kapena atatu ndi okwanira.

Nanga kuika emoji m'kati mwa hashitagi? Instagram inayamba kulola zimenezi mu 2015, koma zotsatira zake si zimene ambiri amaganiza. Kumeneko `#Malawi🇲🇼` ndi hashitagi ina, yosiyana ndi `#Malawi`, choncho chithunzi chanu chimakalowa m'kagulu kakang'ono m'malo mwa gulu lalikulu limene mumafuna. Pa X hashitagi imathera pamene kachithunzi kayambira. Ngati mbendera mukuifuna, siyani mpata, muiike payokha. Dziwaninso kuti mbendera ya m'foni imapangidwa ndi zilembo ziwiri zapadera, M ndi W pa ya Malawi, ndipo makompyuta ambiri a Windows amangoonetsa zilembo ziwirizo m'malo mwa mbendera. Dzina la dziko lolembedwa m'mawu silisowa pa makina alionse.

Malo a hashitagi nawonso ali ndi kanthu. Popeza ndi yodinika, mapulogalamu ena amalengeza kuti apa pali linki, ndipo chizindikiro cha # amachitchula. Chiganizo chokhala ndi mahashitagi anayi m'kati mwake chimamveka modukaduka. Lembani uthenga wanu wonse kaye, mahashitagi abwere kumapeto. Womvera akamva kuti ayamba, amadziwa kuti nkhani yatha ndipo atha kupitirira osataya kanthu.

Imvereni nokha

Zonsezi mutha kuzitsimikiza ndi foni yanu. Pa Android pitani ku `Settings`, kenako `Accessibility`. Ngati simunayesepo, yambani ndi `Select to Speak`, imene imangowerenga pamene mwaloza osasintha kagwiridwe ka foni. Ngati mulibe, imapezeka mu `Android Accessibility Suite` pa Play Store, limodzi ndi TalkBack. Pa iPhone njira ndi yomweyo, `Settings` kenako `Accessibility`, ndipo VoiceOver ili pamwamba.

Chenjezo kwa ofuna kuyatsa TalkBack kapena VoiceOver yeniyeniyo: foni imasintha khalidwe nthawi yomweyo. Kudina kamodzi kumangosankha chinthu n'kuchitchula, kuti chitseguke muyenera kudina kawiri mofulumira. Kuti tsamba liyende, pa Android mumakoka ndi zala ziwiri, pa iPhone zitatu. Anthu ambiri ayatsapo TalkBack mwangozi n'kuthamangira kwa okonza mafoni poganiza kuti foni yafa. Phunzirani kaye kazimitsidwe kake musanachoke pa tsamba loyatsiralo.

Mukatero tsegulani tsamba lanu, mutembenuze foni kuti musaone sikirini, mumvere dzina lanu, bayo yanu ndi mahashitagi a zimene munatumiza posachedwa. Ngati ndinu amene mumayendetsa tsamba la mpingo, la sukulu, la wailesi kapena la ofesi ya boma, yambani ndi limenelo lanu lisanafike, chifukwa kumeneko n'kumene anthu amakafuna tsiku la maliro, la mayeso ndi la katemera. Chotsani tizithunzi pa dzina, mukonze mahashitagi amene mumabwereza kawirikawiri, ndipo muuze mnzanu amene mumasinthana naye ntchito yolemba patsambalo kuti nayenso azitero.